Mafunso ndi mayankho: kugawa makalori otsala pakati pa makabohaidireti ndi mafuta kwa wonyamula zitsulo

Mafunso awa ndi omwe amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene adziwa kale zinthu ziwiri: makalori omwe akufuna kudya patsiku, ndi magalamu a mapulotini omwe akufuna kukwanitsa. Ngati ziwirizi simunazikhazikitse, yambirani kumeneko, chifukwa zonse zili m'munsimu zikudalira manambala awiriwo.

Mapulotini ndawadziwa kale. Makalori otsalawo ndiwagawe bwanji?

Yambani ndi mafuta. Apatseni mlingo wokwanira thupi, pakati pa magalamu 0.8 ndi galamu 1 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwanu. Makalori onse otsala pamenepo apite ku makabohaidireti, ndiye kuti nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi, nyemba ndi zipatso.

Mukatero, kwa anthu ambiri mafuta amagwera okha pakati pa 20 ndi 35 peresenti ya makalori anu onse, womwe ndi mlingo umene akatswiri a zakudya ambiri amavomereza. M'kati mwa malire amenewa muli ndi ufulu wosuntha monga mukukondera. Wina akhoza kukonda mtedza ndi mapeyala, wina nsima yambiri, onse nkukula minofu mofanana, bola makalori ndi mapulotini zikhale pamalo ake.

Masamu ake amayenda bwanji?

Pali manambala atatu oyenera kuwasunga pamtima. Galamu imodzi ya mapulotini imapereka makalori 4, ya makabohaidireti makalori 4, pomwe ya mafuta imapereka makalori 9.

Titenge mnyamata wolemera makilogalamu 70 amene amapita ku jimu kanayi pamlungu. Akufuna kukulitsa minofu pang'onopang'ono, ndipo wasankha kudya makalori 2,600 patsiku ndi magalamu 140 a mapulotini, omwe ndi magalamu 2 pa kilogalamu iliyonse.

```
140 x 4 = 560
2600 - 560 = 2040
70 x 9 = 630
2040 - 630 = 1410
1410 / 4 = 352.5
```

Mapulotini atenga makalori 560, ndiye kwatsala 2,040 oti agawidwe. Mafuta tawapatsa galamu imodzi pa kilogalamu, magalamu 70, omwe atenga makalori 630. Otsalawo, 1,410, tikawagawa ndi 4 tipeza magalamu pafupifupi 350 a makabohaidireti. Choncho tsiku la mnyamatayu ndi 140 mapulotini, 70 mafuta, 350 makabohaidireti. Mafuta ake ali pa 24 peresenti, ndipo makabohaidireti afika magalamu 5 pa kilogalamu, mlingo wabwino ndithu kwa munthu wonyamula zitsulo.

Akafuna kusinthanitsa, akumbukire kuti magalamu 10 a mafuta ndi makalori 90, omwe akufanana ndi magalamu 22 kapena 23 a makabohaidireti. Kuchotsa magalamu 10 uku nkuonjezera magalamu 10 uko sikufanana ayi. Ambiri amaphonya pamenepa.

N'chifukwa chiyani tiyambire mafuta, osati makabohaidireti?

Chifukwa mafuta ali ndi malire apansi omwe thupi silingalole kuti muwadutse kwa nthawi yaitali. Pali mitundu iwiri ya mafuta, omega-3 ndi omega-6, imene thupi silitha kupanga lokha, iyenera kuchokera m'chakudya. Mavitamini A, D, E ndi K amalowa bwino m'thupi pokhapokha m'chakudyamo muli mafuta, motero mbale ya chisoso kapena nkhwani zophika ndi nsinjiro imakupatsani zambiri kuposa masamba omwewo ongowiritsa ndi mchere. Palinso nkhani ya mahomoni: kafukufuku wapeza kuti amuna akachoka pa chakudya cha mafuta ambiri nkupita pa cha mafuta ochepa, tesitositeroni amatsikako pang'ono.

Ndanena kuti pang'ono, ndipo ndikutanthauzadi pang'ono. Ena amva nkhani imeneyi nkuyamba kumwa mafuta ndi supuni poganiza kuti tesitositeroni akwera mpaka kumwamba. Sizitero. Mukangofika pa mlingo wokwanira, mafuta oonjezera sakupatsaninso mahomoni ena, amangolanda malo a makabohaidireti.

Malire apansi enieni ali cha pa magalamu 0.5 mpaka 0.6 pa kilogalamu. Kwa mnyamata wathu uja ndiye kuti magalamu 35 mpaka 42. Ochita mpikisano woonetsa minofu amafikako m'milungu yomaliza, koma si malo okhalitsapo.

Makabohaidireti alibe malire otere pa nkhani yokhala ndi moyo, popeza chiwindi chimatha kupanga shuga wa m'magazi kuchokera ku zinthu zina. Ntchito yawo yaikulu kwa inu ndi ya ku jimu, n'chifukwa chake amatenga zonse zotsala.

Kodi makabohaidireti amathandizadi chiyani ponyamula zitsulo?

Mukadya nsima, thupi limaisandutsa shuga, ndipo wina limamusunga m'minofu ndi m'chiwindi. Shuga wosungidwayu amatchedwa gilaikojeni. Munthu wamkulu amasunga magalamu pafupifupi 400 mpaka 500 m'minofu, ndi ena pafupifupi 100 m'chiwindi. Seti ya marepu 8 kapena 12, ija yoti pomaliza miyendo ikunjenjemera, imadalira kwambiri gilaikojeni, chifukwa mafuta amapsa mochedwa kwambiri moti sangathe kupereka mphamvu pa liwiro limenelo.

Komabe tisakokomeze. Kunyamula zitsulo kwa ola limodzi sikumaliza nkhokwe yonseyo. Kumadya mwina gawo limodzi mwa magawo anayi, kufikira magawo awiri mwa asanu, ndipo m'minofu yokhayo imene yagwira ntchito. Wothamanga mtunda wautali kapena wopalasa njinga maola atatu ndiye amene amaimaliziratu. N'chifukwa chake wonyamula zitsulo safunikira milingo ikuluikulu ya othamanga. Magalamu 3 mpaka 5 pa kilogalamu amakwanira ambiri.

Kumene mudzagwere m'malire amenewa kumadalira kuchuluka kwa ntchito. Amene amachita maseti ochepa olemera kwambiri, marepu 3 kapena 5, nkumapuma mphindi zinayi pakati, sataya zambiri akadya makabohaidireti ochepa. Amene amachita maseti 20 kapena kuposerapo patsiku, kupuma pang'ono, kenaka Loweruka nkukamenya mpira, ameneyo ayenera kukhala kumtunda. Chimodzimodzi amene ntchito yake ndi yamanja, womanga nyumba, wa kabaza, wosenza katundu pamsika: makalori ake amakhala okwera kale, ndipo ochulukawo ayenera kukhala makabohaidireti.

Manambalawa amaoneka bwanji m'mbale?

Tibwerere kwa mnyamata wa makilogalamu 70 uja. Milingo ili apayi ndi yapafupifupi, chifukwa ufa umasiyana ndipo nkhuku zimasiyana kunona.

M'mawa amwa phala la magalamu 80 a ufa wa mgaiwa lothira magalamu 20 a nsinjiro, adya mazira atatu owiritsa ndi nthochi imodzi. Apa wapeza makabohaidireti 87, mapulotini 31, mafuta 28. Taonani kuti tsiku langoyamba kumene, sanakhudze botolo la mafuta ophikira, koma watha kale magawo awiri mwa asanu a mafuta ake. Mazira okha apereka 15, nsinjiro 10.

Masana adya nsima ya magalamu 150 a ufa woyera, magalamu 150 a chidali cha nkhuku chophika chopanda khungu, ndi masamba othira theka la supuni yaikulu ya mafuta. Makabohaidireti 118, mapulotini 56, mafuta 14.

Cha m'ma 4 koloko asanapite ku jimu adya magalamu 200 a mbatata yowiritsa ndi kapu ya mkaka. Makabohaidireti 52, mapulotini 11, mafuta 8.

Madzulo adya mpunga wa magalamu 80 woyezedwa usanaphikidwe, nyemba za magalamu 50 zoyezedwa zouma, magalamu 100 a mnofu wa chambo, ndipo supuni imodzi yaikulu ya mafuta yalowa m'nyemba ndi nsombazo. Makabohaidireti 93, mapulotini 43, mafuta 18.

Tsiku lonse likupereka makabohaidireti 350, mapulotini 141, mafuta 68. Sizinagwere ndendende pa 70, ndipo palibe vuto. Kuphonya ndi magalamu asanu kapena khumi si nkhani, popeza ngakhale manambala a pa mapaketi si angwiro chotero.

Chinthu chimodzi choyenera kuchiona: nsima, mpunga ndi phala zayezedwa ngati ufa kapena mbewu youma. Mtanda wa nsima sungadalirike poyeza, chifukwa nsima yolimba ndi yofewa zimasiyana madzi, ndipo chipande cha kwanu si chipande cha kwathu. Magalamu 100 a ufa wa chimanga amakhala ndi makabohaidireti pafupifupi 75, kaya mwauphika bwanji. Ngati mumadya nsima ya banja lonse, yezani kamodzi ufa umene walowa mumphika, werengani mitanda yomwe yatuluka, nkugawa. Mukadziwa kuti mtanda umodzi wa kwanu ndi magalamu angati a ufa, simudzafunikanso sikelo tsiku lililonse.

Kodi mafuta a mu nyama, mazira ndi mtedza amawerengedwanso?

Onse. Ndipo apa ndi pamene mapulani ambiri amagwera m'madzi. Munthu amalemba kuti akudya magalamu 70 a mafuta, m'mutu mwake akuganiza za botolo lokha, pomwe zakudya zake za mapulotini zabwera kale ndi mafuta awo.

Mtedza ndiwo chitsanzo chachikulu. Ambiri ku jimu amautenga ngati chakudya cha mapulotini, koma m'magalamu 100 a mtedza muli mapulotini pafupifupi 26 ndi mafuta pafupifupi 49. Makalori ake amaposa 560, ndipo ochuluka amachokera ku mafutawo. Mtedza ndi chiponde muziika m'gulu la mafuta, mapulotini ake akhale ngati basela. Nyama ya nkhumba yonona, soseji ndi khungu la nkhuku nazonso zimanyamula mafuta ambiri.

Kwinako ndi pophikira. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ndi magalamu 14, makalori pafupifupi 120. Wophika akapendeketsa botolo mongoyerekeza, supuni zitatu zimalowa mumphika iye osadziwa. Tchipisi cha pachiwaya ndi mandasi ndi zovutanso kwambiri, chifukwa timaziona ngati mbatatesi ndi ufa, koma zimakhala zitamwa mafuta. Mbale imodzi ya tchipisi ikhoza kutenga gawo lalikulu la mafuta a tsiku lonse.

Nyemba, nandolo ndi khobwe zili mbali inayo. Timazidya ngati ndiwo ya mapulotini, koma m'magalamu 100 a nyemba zouma muli makabohaidireti pafupifupi 60 ndi mapulotini 21 kapena 22. Tsiku la nyemba, nsima ichepeko.

Anzanga akuti ndisiye nsima kuti mimba ithe msanga. Ndi zoona?

Chimene chimachotsa mafuta a m'thupi ndi kudya makalori ochepa kuposa omwe mukuwotcha. Makalori ndi mapulotini zikafanana, kusiyana kwa mafuta otayika pakati pa wodya makabohaidireti ochepa ndi wodya mafuta ochepa kumakhala kwakung'ono zedi. Kafukufuku wina wodziwika, wotchedwa DIETFITS, anachitikira ku yunivesite ya Stanford ku America ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Anthu 609 anagawidwa m'magulu awiri kwa miyezi 12. A mafuta ochepa anatsika ndi makilogalamu 5.3, a makabohaidireti ochepa ndi makilogalamu 6.0, kusiyana kumene ofufuzawo anapeza kuti si kodalirika. Anthuwa sanali onyamula zitsulo, anali onenepa ofuna kuchepetsa thupi, koma phunziro lake likukhudzanso ife.

Nanga bwanji mnzanu anatsika makilogalamu awiri m'mlungu woyamba atasiya nsima? Galamu iliyonse ya gilaikojeni imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Mukasiya makabohaidireti, gilaikojeni amachepa, madzi aja nkutuluka ngati mkodzo. Sikelo imatsika, koma ochuluka omwe apita ndi madzi. Tsiku lomwe adzadye nsima pa ukwati, kulemerako kudzabwerera mawa lake lomwe, ndipo si kuti wanenepa usiku umodzi.

Kusiya nsima kumathandizadi anthu ena, koma chifukwa chake n'chakuti nsima ndiyo inali kuwapatsa makalori ochuluka, ndipo ataisiya sanaike china m'malo mwake. Mitanda iwiri m'malo mwa inayi ikanachita zomwezo.

Ndikufuna kuchepetsa thupi. Ndidule mafuta kapena makabohaidireti?

Zonse ziwiri, koma motsatana. Mapulotini musawakhudze. Tsitsani mafuta kufika cha pa magalamu 0.7 kapena 0.8 pa kilogalamu, kenaka makalori ena onse oti achoke achokere ku makabohaidireti.

Mnyamata wathu akatsika kuchoka pa makalori 2,600 kufika 2,100, mapulotini akhalabe 140, makalori 560, ndipo kutsala 1,540. Mafuta akawaika pa magalamu 55 atenga makalori 495. Otsala 1,045 akupereka makabohaidireti pafupifupi 260. Ndiye kuti wachotsa magalamu 15 a mafuta ndi 90 a makabohaidireti. M'mbale ya tsiku ija, kumeneko ndi kuchepetsa mafuta ophikira ndi supuni imodzi, ufa wa nsima kuchoka pa 150 kufika 100, mbatata theka, ndi mpunga theka. Akadali ndi magalamu oposa 3.5 pa kilogalamu, okwanira kuti jimu iyende.

Akafunika kudulanso patapita milungu, apitirize ndi makabohaidireti mpaka cha pa magalamu 2.5 kapena 3 pa kilogalamu, kenaka mafuta atsikire ku malire apansi omwe tatchula pa funso lachitatu. Zonse ziwiri zikafika pansi, vuto silikhalanso kagawidwe. Makalori achepetsetsa, ndipo ndi bwino kuonjezera kuyenda kapena kupumulako kaye kusiyana ndi kudulabe.

Kodi malamulowa ndi amodzimodzi kwa amayi?

Njira yake ndi yomweyo, koma makalori a amayi amakhala ochepa, choncho malo osunthira amachepa. Mayi wa makilogalamu 60 amene akudya makalori 1,700 ndi mapulotini 110 amatsala ndi makalori 1,260. Mafuta a magalamu 50 atenga 450, ndipo otsala 810 ndi makabohaidireti pafupifupi 200.

Amayi asathamangire ku malire apansi a mafuta. Ndipo ngati msambo wayamba kudumphadumpha kapena wasiya pamene mukuchepetsa thupi, chimenecho nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti chakudya chonse chachepa poyerekeza ndi ntchito imene thupi likugwira. Kusinthanitsa mafuta ndi makabohaidireti sikungakonze zimenezo. Onjezerani chakudya ndipo kaonaneni ndi dokotala.

Ndine wonenepa kwambiri. Ndiwerengere pa kulemera kwanga konse?

Ayi. Munthu wa makilogalamu 120 akatenga galamu imodzi pa kilogalamu apeza mafuta 120, makalori 1,080, pafupifupi theka la chakudya cha tsiku ngati akuchepetsa thupi. Werengerani pa kulemera kumene mukufuna kudzafika, kapena ingotengani 25 mpaka 30 peresenti ya makalori anu nkugawa ndi 9.

Tsiku lopuma ndichepetse makabohaidireti?

Sikofunikira. Minofu imadzazanso gilaikojeni pa maola pafupifupi 24 mutachoka ku jimu, ndiye nsima ya tsiku lopuma ndi imene mudzanyamulire zitsulo mawa. Chofunika ndi chiwerengero cha mlungu wonse. Ngati mumakonda kudya kwambiri tsiku la miyendo, mukhoza kusamutsa magalamu 40 kapena 50 kuchoka pa tsiku lopuma kupita kumeneko, makamaka pamene mukuchepetsa thupi ndipo makabohaidireti ndi ochepa kale. Kupyola apo ndi kudzichulukitsira masamu.

Nanga nthawi yodyera ili ndi kanthu?

Pang'ono. Idyani gawo labwino la makabohaidireti ola limodzi mpaka atatu musanayambe, monga mbatata ija ya 4 koloko. Chakudya cha mafuta ambiri chimachedwa kuchoka m'mimba, motero kanyenya kapena tchipisi mphindi 30 musanachite masikwati mudzazimva pakhosi. Mafuta ochuluka asungireni chakudya chimene chatalikirana ndi jimu. Mukamaliza, palibe chothamangira ngati mudzabwereranso mawa. Chakudya chamadzulo chikwanira.

Ndingadziwe bwanji kuti kagawidwe kanga kalakwika?

Kabuku kolembamo zitsulo zomwe mwanyamula ndiko kadzakuuzeni msanga kuposa galasi. Makabohaidireti akachepa, seti yoyamba imayenda bwinobwino, koma yachitatu ndi yachinayi zimagwa. Pomwe munkachita marepu 10, 10, 9, 8 mumayamba kuchita 10, 8, 6, 5 pa chitsulo chomwecho. Theka lachiwiri la jimu limakhala lolemera, minofu imaoneka yophwa, ndipo masitepe a ku ntchito amakutopetsani. Zikachitika kwa milungu iwiri, pamene tulo mukugona bwino ndipo makalori simunasinthe, chotsani magalamu 10 a mafuta nkuonjezera 22 a makabohaidireti, nthochi imodzi musanapite ku jimu. Dikirani milungu ina iwiri musanasinthenso.

Mafuta akachepa, zizindikiro zimabwera mochedwa ndipo sizilunjika. Njala imabwerera patangopita ola mutadya mbale yodzaza, khungu limauma, chilakolako cha m'banja chimazirala, ndipo chakudya chimasiya kukoma moti Loweruka likafika mumagwera m'zokazinga. Zonsezi zimabweranso ndi kuchepa kwa makalori onse, choncho yang'anani kaye sikelo. Ngati mukutsika mopitirira 1 peresenti ya kulemera kwanu pamlungu, vuto ndi makalori.

Palinso vuto la mbali ina kwa amene akukulitsa thupi. Munthu woonda amene akufunika makalori 3,200 akaumirira pa mafuta ochepa, ayenera kudya makabohaidireti oposa magalamu 500, mulu wa nsima woti mimba imakana. Ameneyu akwezeko mafuta kufika 30 kapena 35 peresenti. Supuni ziwiri za chiponde pa buledi zimapereka makalori pafupifupi 190 popanda kudzaza mimba.

Kodi mtundu wa mafuta kapena wa makabohaidireti uli ndi ntchito, kapena bola manambala akwane?

Pa kukula kwa minofu m'miyezi ingapo, manambala ndiwo amalamula. Pa thanzi la mtima m'zaka zikubwerazi, mtundu uli ndi ntchito. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mafuta aja amaundana akazizira, a nyama yonona, batala ndi ena otero, asapitirire 10 peresenti ya makalori, ndiponso shuga wothira asapitirire 10 peresenti. Kwa mnyamata wa makalori 2,600, malirewo ndi magalamu pafupifupi 29 a mafuta oterowo ndi 65 a shuga. Botolo limodzi la 500 ml la chakumwa chozizira chotsekemera limafika kale cha m'ma 50.

Mafuta ochuluka achokere ku mtedza, mapeyala, mafuta a mpendadzuwa kapena soya, ndi nsomba zodyedwa zathunthu monga usipa ndi matemba. Ku makabohaidireti, onetsetsani kuti muli zakudya za gaga ndi ulusi, monga mgaiwa, nyemba, mbatata, masamba ndi zipatso, kuti m'mimba muziyenda bwino. Wodya mapulotini ambiri amadziwa kufunika kwake.

Ndili ndi matenda a shuga. Nditsatire zomwezi?

Musasinthe kuchuluka kwa makabohaidireti panokha ngati mumabaya insulini kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga. Kuchepetsa nsima pamene mlingo wa mankhwala uli womwewo, kenaka nkukanyamula zitsulo, kukhoza kugwetsa shuga wa m'magazi mpaka kukomoka. Tengani manambala anu, makalori, mapulotini ndi masiku omwe mumapita ku jimu, mukawaonetse dokotala kapena katswiri wa zakudya ku chipatala kuti mlingo wa makabohaidireti ndi wa mankhwala zikonzedwe pamodzi.